Ndinamukalipira kalaliki pamaso pa alimi, tsopano nditani?

"Ndimayang'anira depoti yogula soya ndi mtedza pa Kamwendo, ku Mchinji, ndipo tilipo anthu 7. Kalaliki wathu wapasikelo wagwira bwino ntchito zaka 4, koma mwezi uno wachedwa kanayi, ndipo Lachisanu buku lake linasiyana ndi katundu ndi matumba 3. Ndinamukalipira pamaso pa alimi. Pano anzake sakundilankhula momasuka, ndipo eni bizinesi akuti ndimuchotse. Mtima ukukana, koma sindifuna kuoneka wofooka. Nditani?" — Mayi wina wa ku Mchinji

Mayi, musanagwire pepala lililonse la chenjezo, yambani mwabwerera ku Lachisanu lija nokhanokha. Mudzifunse kuti m'mawa umenewo munafika pantchito muli bwanji. Kodi foni ya abwana inali italira kale? Kodi lole yodzanyamula katundu inali itaima panja, dalaivala akuimba hutala? Munali mutadya? Ndikufunsa zimenezi chifukwa mkwiyo umene timatulutsira munthu mmodzi nthawi zambiri umakhala utasonkhana kuchokera kwa anthu atatu. Ndipo pansi pa mkwiyo wa woyang'anira kawirikawiri pamakhala mantha, oopa kuti matumba osowawo adzafunsidwa kwa iyeyo.

Akatswiri a maganizo a munthu, Peter Salovey ndi John Mayer, analemba mu 1990 za luntha lozindikira zimene zikuchitika mumtima mwako ndi mwa anzako, n'kugwiritsa ntchito zimenezo poganiza ndi pochita zinthu. Padepoti, luntha limeneli limayamba ndi chinthu chaching'ono, kudziwa chizindikiro chimene thupi lanu limapereka mkwiyo usanafike pakamwa. Ena makutu amatentha, ena manja amanjenjemera. Ine, nthawi imene ndinali kapitawo pa esiteti ina ya fodya cha ku Santhe, ndinkayamba kulankhula mofulumira ndi kubwereza funso munthu asanayankhe. Nditazindikira, ndinadziikira lamulo lakuti ndikangomva liwiro limenelo m'mawu anga ndinene kuti, "Tikambirana tikaweruka," n'kupita kukaona mabelo. Mlanduwo unkandidikira, koma ndinkaufikira mtima utatsika.

Kenaka tengani pepala mulembe mbali ziwiri. Mbali yoyamba ikhale ya zimene mwaona ndi maso: wachedwa masiku awa, kwa mphindi zakuti, buku lasiyana ndi matumba 3, omwe ndi makilogalamu 150 ngati ali a makilogalamu 50. Mbali yachiwiri ikhale ya nkhani imene mwadziuza: wayamba mwano, mwina akuba, akundiyesa chifukwa ndine mayi. Anthu tili ndi chizolowezi choti mnzathu akalakwa timati ndi khalidwe lake, koma tikalakwa ife timati zinthu zinavuta. Mudzaona kuti pa mbali yachiwiriyo palibe chimene muli nacho umboni.

Matumba atatu aja akhoza kusowa m'njira zambiri zosakhudza kuba. Lisiti imodzi ikalembedwa kawiri pa tsiku la mzere wautali, buku limaonetsa katundu amene sanalowe. Mbewu yogulidwa isanaume bwino imapepuka ikakhala masiku, ndipo mukaisokereranso m'matumba odzaza, chiwerengero chimatsika. Sikelo nayo imasokonekera, ndipo onyamula amatha kukweza lole mopitirira pamene wowerengera wayang'ana kumbali. Yalani malisiti a tsikulo motsatira manambala ake, muyerekeze ndi buku, muyese sikelo ndi katundu amene mukudziwa kulemera kwake. Ntchito imeneyi ndi ya ola limodzi kapena awiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano kukambirana kwenikweniko. Muitanireni malo oduka mphepo, alimi atapita, ndipo nonse mukhale pansi. Yambani ndi gawo lanu, mwachidule: "Achimwene, Lachisanu ndinalakwa kukukalipirani pagulu. Nkhani ya matumba ikadalipo, koma sinayenera kukambidwa motero." Musawonjezepo kuti "koma nanunso munandikwiyitsa," chifukwa mawu amenewo amafafaniza kupepesa konse. Mukatero nenani zimene zili pa mbali yoyamba ya pepala lija, ndi kufunsa funso limodzi: "Zaka zonsezi simunachedwepo chonchi. Chasintha n'chiyani?" Apa khalani chete. Pamenepa ndi pamene ambiri timalephera, chifukwa munthu akangoti zii timayamba kumuyankhira tokha. Mwamuna wachichewa sangoulula mavuto a kunyumba kwa bwana, makamaka amene wamuchititsa manyazi dzana. Akayamba ndi "palibe vuto, bwana," mudikire, ndipo ngati satsegula pakamwa tsikulo, muuzeni kuti mubwereranso ku nkhaniyi mawa.

Pa esiteti paja panali mayi wina wosankha fodya amene manja ake ndinkawadalira, koma anayamba kusakaniza magiredi. Ine ndinali nditamuweruza kale mumtima kuti watopa nayo ntchito. Titakhala pansi, anayang'ana nsonga ya chitenje chake nthawi yaitali, kenaka anati maso ayamba kuchita chifunga, ndipo m'shedi, pakona pamene ankakhala, mitundu ya masamba sankaisiyanitsanso bwino. Ankaopa kunena kuti angachotsedwe. Tinamusunthira pafupi ndi khomo pamene pali kuwala, ndipo tinamupatsa tsiku lokaonetsa masowo kuchipatala ku Kasungu. Giredi imene tinkafuna pa belo lopita ku Chinkhoma sitinaitsitse ngakhale pang'ono.

Pamenepo ndi pamene ndikufuna mugwiritsitse, chifukwa mantha anu oti muoneka wofooka akuchokera posakaniza kumvetsa munthu ndi kumulekerera. Kumvetsa kumasintha dongosolo la ntchito, pomwe muyezo umakhala womwewo. Tiyerekeze kuti kalaliki wanu wanena kuti mwana wagonekedwa kuchipatala ku boma, ndipo iye amagona komweko n'kudzukira ku Kamwendo m'mawa. Mungagwirizane kuti kwa masabata awiri aziyamba 9 koloko, wina azitsegula sikelo, ndipo madzulo aliwonse inu ndi iye muziwerengera limodzi buku musanatseke. Mulembe zimenezi, musainirane, muike ndi tsiku lodzaonanso. Buku likapitiriza kusiyana popanda chifukwa chomveka, chenjezo lolemba liperekedwe. Ndipo mukapeza umboni wa kuba, chisoni cha mwana wodwala chisakutsekeni maso.

Anzake asanu aja akuyang'ana zinthu ziwiri, ngati munthu angakuuzeni vuto lake osanyozedwa, komanso ngati muli ndi tsankho. Choncho musawauze zakunyumba kwa mnzawo, koma muwauze kuti nthawi yake yasintha kwa masabata awiri, ndi kuti aliyense amene angakumane ndi zotere adzathandizidwa chimodzimodzi. Popeza munakalipa iwo akumva, ndi bwino amvenso m'mawu ochepa kuti mwavomereza kuti njira ija inali yolakwika. Mudzadziwa kuti zinthu zayamba kubwerera mukaona wina akubwera yekha kudzakuuzani cholakwika musanachitulukire. Gulu loopa woyang'anira limabisa thumba lonyowa pansi pa mulu.

Kwa eni bizinesi, musapite ndi mawu oti "ndikumumvera chisoni." Pitani ndi zimene mwapeza m'malisiti, pangano losainidwa lija, ndi funso loti ndani angaphunzitse kalaliki watsopano pakati pa nyengo yogula. Muwakumbutsenso kuti gawo 57 la lamulo la za ntchito la 2000 silimalola kuchotsa munthu popanda chifukwa chomveka, komanso asanapatsidwe mpata woyankha pa zimene akunenezedwa. Akachotsedwa mwachangu, nkhani ikhoza kufika ku ofesi ya leba kapena ku khothi loona milandu ya pantchito. Apempheni masabata awiri amenewo, ndipo muwalonjeze lipoti lolemba pa tsiku limene mwapangana ndi kalalikiyo.