Phala likhale lolimbirako, ndipo dzira ndi mtedza musazichedwetse

"Amayi anzanga ndithandizeni. Mwana wanga akwanitsa miyezi 6 sabata yamawa ndipo mpaka pano amangoyamwa. Ndimuyambitse chiyani, chofewa bwanji? Ena akuti dzira ndi mtedza ndidikire akwanitse chaka kuti zisadzamuwenge. Ndikuopanso kuti angatsamwe."

Achemwali, tsiku la pakalendala lisakhale lokhalo lokuuzani. Yambani mwamuyang'ana mwanayo. Mukamukhazika pamiyendo panu, khosi lizikhala lolimba, mutu osagwera uku ndi uku. Azitha kutenga chinthu n'kupita nacho kukamwa yekha. Mukamupatsa kachakudya pasupuni azimezako, osati kukankhira kunja konse ndi lilime. Ngati lilime likukankhabe chilichonse, dikirani masiku angapo muyesenso. Koma ngati anabadwa masiku asanakwane, nthawi yoyambira mugwirizane ndi achipatala.

Pamene ambiri timalakwitsa ndi pa kalimbidwe ka chakudya. Chifukwa cha mantha timapanga phala lamadzimadzi loti likhoza kumwedwa pakapu. Ine ndinatero ndi mwana wanga woyamba. Ankamaliza kambale konse, ine n'kumasangalala kuti amadya, koma kusikelo sankakwera bwino. Kamimba ka mwana wa miyezi 6 n'kakang'ono kwambiri, ndiye mukakadzaza madzi, malo a chakudya chenicheni atha, ndipo ngakhale bere amayamwa pang'ono. Poyesa chitani chonchi: tapani phalalo ndi supuni, kenako pendeketsani supuniyo. Likayenderera nthawi yomweyo ngati tiyi, lachepa mphamvu. Loyenera limakakamira kaye pasupuni, n'kugwa pang'onopang'ono ngati phande limodzi. Likalimba kwambiri, lifewetseni ndi mkaka wa m'mawere umene mwafinya, osati madzi ambiri.

Muyezo womwewo ugwiritseni ntchito pa mbatata, dzungu kapena karoti. Phikani ndi madzi ochepa mpaka chidutswa chiziphwanyika mukachikanikiza pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Chikakana kuphwanyika ndi zala zanu, nkhama za mwana sizingachithe. Masiku oyambirira phwanyani ndi foloko n'kudutsitsa pasefa kuti chisalale. Nthochi yakupsa ndi peyala sizifuna moto, kungophwanya basi. Mchere ayi, chifukwa impso zake sizinakhwime. Shuga ayinso. Uchi ndiye musayerekeze mpaka akwanitse miyezi 12, ngakhale wophikidwa m'phala, poti umatha kukhala ndi tizilombo totulutsa poizoni wofooketsa minofu ya khanda.

Kuchuluka kwake, a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati masupuni aakulu awiri kapena atatu pa nthawi imodzi, kawiri kapena katatu patsiku, kwa mwana wa miyezi 6 mpaka 8, uku akuyamwabe monga kale. Tsiku loyamba mwina adya kasupuni kamodzi, kwinako kuthera pachibwano. Zimenezo n'zabwinobwino. Akatembenuza mutu kapena kutseka pakamwa, mulekeni. Ndikupempheninso kuti musakhalitse pa zipatso ndi phala lokha. Ayironi, wothandiza kupanga magazi, amene mwana anabadwa naye amayamba kutha chapanthawi ino, ndipo mkaka wa m'mawere uli naye wochepa. Choncho m'masabata oyambirira omwewo yambani kusakanizamo nyama yophika mpaka kufeweratu n'kuipera, nsomba yochotsa minga yonse, kapena nyemba zochotsa makoko.

Sefa ija musaikonde nthawi yaitali. Pakatha sabata ziwiri kapena zitatu, isiyeni, muzingophwanya ndi foloko kuti muzitsala timibulu tofewa. Akamafika miyezi 7 kapena 8 mupatseni tizidutswa totalika ngati chala chanu, tofewa, toti agwire yekha. Mwana amene wazolowera zosalala zokhazokha mpaka kupyola miyezi 9 kapena 10 nthawi zambiri amadzavuta kulandira chakudya chotafuna. Mano si nkhani, nkhama zimagwira ntchito.

Tsopano za dzira ndi mtedza. Amene akukuuzani kuti mudikire sakukunamizani dala, ndi mmene madokotala ankalangizira kale. Malangizowo anasintha. Mu 2015 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa LEAP, amene anachitikira ku London pa ana 640 omwe anali pachiopsezo chachikulu chowengedwa ndi mtedza. Ena ankapatsidwa zakudya za mtedza pafupipafupi kuyambira ali makanda osakwana chaka, ena ankawapewetsa. Pofika zaka 5, vutoli linali lochepa ndi pafupifupi 80 peresenti mwa ana amene ankadya aja. Zikuoneka kuti thupi likakumana ndi chakudya kudzera m'mimba mwana akadali wamng'ono, limaphunzira kuchilandira, pamene likakumana nacho koyamba kudzera pakhungu losweka limachitenga ngati mdani. N'chifukwa chake ndimaletsa zopaka kachakudya pamkono kapena pamilomo ya mwana pofuna kuyesa. Sizikuuzani zoona, ndipo zikhoza kuyambitsa vuto lomwe mukulithawalo.

Pali ana amene simuyenera kuwayambitsira kunyumba musanaonane ndi dokotala. Woyamba ndi amene ali ndi vuto lalikulu la khungu louma, loyabwa ndi losweka, lija amati ekizima, makamaka ngati linayamba msanga ndipo silimva mankhwala. Wachiwiri ndi amene chakudya china chinamuwengapo kale. Simunanene za khungu la wanu, ndiye liyang'aneni bwino kumasaya, m'khosi, m'mikono ndi m'miyendo. Ngati zimenezi palibe, mukhoza kuyamba nokha.

Tinene kuti mwayamba Lolemba. Masiku atatu kapena anayi oyamba mupatseni mbatata kapena phala chabe kuti azolowere kumeza. Lachisanu m'mawa, ali bwinobwino, wopanda chimfine kapena kutentha thupi, ndipo inu muli pakhomo tsiku lonse, wiritsani dzira kwa mphindi 10 mpaka choyera ndi chachikasu chomwe zilimbe. Dzira losapsa bwino si la khanda. Dulani gawo limodzi mwa magawo anayi, lokhala ndi choyera ndi chachikasu, poti chimene chimawenga kwambiri chili m'choyeracho. Liphwanyeni ndi mkaka wa m'mawere pang'ono, musakanize m'mbatata imene waizolowera kale. Mupatseni kansonga ka supuni kokha, dikirani mphindi 10 mukumuyang'ana kumaso ndi kapumidwe. Ngati palibe chachilendo, pitirizani ndi zotsalazo monga mmene akufunira, ndipo mukhale naye pafupi kwa maola awiri. Loweruka ndi Lamlungu mupatseninso dzira, mukuwonjezera pang'ono. Masiku amenewa musalowetse china chatsopano chimene chimawenga, kuti chikachitika china mudziwe chachititsa.

Mtedza ubwere sabata yotsatira. Wathunthu kapena wosweka ayi, mpaka zaka 5, chifukwa umatseka njira ya mpweya. Chiponde chotapa pasupuni chomwecho n'choopsanso, chimamata kummero. Tengani masupuni aang'ono awiri a chiponde chosalala, chopanda tizidutswa, mchere kapena shuga. Thiranimo masupuni aang'ono awiri kapena atatu a madzi otentha, takasani mpaka chisungunuke, chizizire, ndiye musakanize m'phala. Ngati mukupera nokha, tayani mtedza uliwonse wofota, wankhungu kapena wowawa, ndipo musefe ufawo. Kaperekedwe ndi komwe kaja: kansonga ka supuni, mphindi 10, kenako zotsala.

Apa pali chimene ambiri amaiwala. Kulawitsa kamodzi si kuteteza. Ana a mu kafukufuku uja ankadya za mtedza katatu kapena kuposa pasabata kwa zaka. Ndiye chakudya chikamuyanja, chizipezeka m'mbale yake sabata iliyonse, kawiri kapena katatu. Mukatha ziwirizi chitani chimodzimodzi ndi tirigu, soya, nsomba, chitowe ndi yogati wopanda shuga, chimodzi pa nthawi.

Kuwengedwa kumaonekera msanga, kawirikawiri pakangopita mphindi zochepa, mochedwa ndi maola awiri. Mwana wanga wachiwiri, titamupatsa dzira tsiku lachiwiri, anatuluka totupa tonga polumidwa ndi udzudzu kuzungulira pakamwa mpaka m'khosi, akudzikanda ndi tizibakera. Kupuma kunali bwino, akusewera. Ndinasiya kumudyetsa, ndinamupukuta, ndinajambula totupato pafoni, n'kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chithunzicho chinathandiza kwambiri poti tikufika tinali titayamba kuzilala. Mukaona zotere, kapena kutupa zikope ndi milomo, kapena kusanza, musamupatsenso chakudyacho mpaka dokotala anene. Kumbukirani kuti pa mwana wa khungu lakuda totupato situoneka tofiira kwenikweni, ndiye muzisisita ndi dzanja kuti mumve. Kufiira pang'ono pamalo okhawo pamene pakhudza phwetekere kapena lalanje nthawi zambiri n'kuwawa kwa chipatsocho pakhungu chabe.

Zoopsa ndi izi: kubanika, kupuma kolira ngati kamluzu, kutsokomola kosalekeza, mawu kusasa polira, lilime kutupa, kapena mwana kulefuka mwadzidzidzi n'kutuwa. Pamenepo musadikire kuti muone, musamumwetse kanthu. Itanani thandizo ladzidzidzi kapena thamangirani kuchipatala chapafupi, mukanene chimene wadya ndi nthawi yake. Mankhwala ake ndi jakisoni wa adirenalini. Palinso mtundu wina wochedwerapo, woti mwana amasanza mobwerezabwereza patatha ola limodzi mpaka anayi n'kufooka, wopanda totupa. Umenewonso ndi wakuchipatala msanga.

Za kutsamwa, siyanitsani zinthu ziwiri. Mwana wophunzira kudya amachita ngati akufuna kusanza: amatulutsa lilime, maso amalengeza misozi, amatsokomola mwaphokoso, chakudya n'kubwerera kutsogolo. Limenelo ndi thupi likudziteteza. Mtima umagunda ndithu, koma gwirani manja anu, musapise chala m'kamwa mwake chifukwa mukhoza kukankhira chakudyacho mkati. Kutsamwa kwenikweni kulibe phokoso. Salira, satsokomola, mpweya sukulowa, milomo imasintha mtundu. Zikatero mugonekeni chafufumimba pamkono kapena pantchafu panu, mutu uli mmunsi, mukuchirikiza chibwano, mumenyeni kasanu ndi chikhatho pakati pa mapewa. Chikapanda kutuluka, mutembenuzeni chagada, kanikizani kasanu pakati pa chifuwa, mmunsi pang'ono mwa mzere wa mawere. Bwerezani uku wina akuitana thandizo. Pemphani anamwino akuonetseni ndi manja mmene zimachitikira lisanafike Lolemba, ndipo aliyense amene amatsala ndi mwanayo akhalepo.

Pomudyetsa azikhala tsonga, osati chogona kapena m'galimoto yoyenda, ndipo inu muli pomwepo. Mphesa zathunthu, karoti wosaphika, apozi wolimba ndi soseji yodula mozungulira zisafike m'manja mwake. Chotsala m'mbale imene supuni yake yalowamo tayani, chifukwa malovu amachiwononga msanga, choncho muzipatulira pang'ono m'kambale kake.