Timadontho tikapatuka pamzere wa Q-Q

"Ndikuphunzira pa yunivesite ya Wits. Ndafunsa Amalawi 40 a kuno ku Joni ndalama zimene amatumiza kumudzi pamwezi. Pa chithunzi cha Q-Q timadontho takumapeto tachoka pamzere. Kodi deta yangayi ikutsata belu uja wa normal distribution kapena ayi?"

Achemwali, kupatuka pakokha si vuto. Muyang'ane mbali imene tapatukira. Mu pulogalamu ya R, ndalamazo mutaziika mu `x`, lembani:

```
qqnorm(x)
qqline(x)
```

Kompyuta imandandalika manambala anu kuyambira kochepa, kenako aliyense imamuika poyang'anizana ndi malo amene akanakhala deta ikanatsata belu ndendende. Pa anthu 40, womaliza malo ake ndi (40 − 0.5)/40 = 0.9875, ndipo m'munsi mwa chithunzi, polembedwa `Theoretical Quantiles`, agwera pafupifupi pa 2.24.

Tiyerekeze kuti kota ya anthu anu imatumiza R700 kapena kuchepera, ndipo kota yapamwamba imayambira pa R1,500. Mzere wa `qqline` umadutsa pamalo awiri amenewa. Pakati pake ndi R1,100, ndipo sitepe iliyonse kupita kumanja umakwera ndi 800/1.35, ngati R590, poti pa belu malo awiriwa amatalikirana masitepe 1.35. Ndiye wotumiza kwambiri tikumuyembekezera cha pa R2,400. Mukamupeza pa R6,000, anzake anayi asanu nawonso ali pamwamba pa mzere, mchira wakumanjawo ndi wautali. Onaninso kumanzere: mzere watsika mpaka kunsi kwa ziro, pomwe palibe munthu amatumiza ndalama zosakwana ziro, choncho timadontho takumeneko tikhalanso pamwamba. Mbali zonse ziwiri pamwamba, pakati pokhota ngati uta, ndiye kuti deta yapendekera kumanja. Ndalama zimakonda kutero, poti ambiri amatumiza zochepa, ochepa okha ndiwo amatumiza zambiri. Yesani `qqnorm(log(x))`, nthawi zambiri kukhotako kumawongoka, bola pasakhale amene analemba ziro.

Zikakhala kuti kumanzere tagwa pansi pa mzere pomwe kumanja takwera pamwamba, imeneyo ndi nkhani ina. Michira yonse iwiri ndi yaitali, ndipo `log` sangakuthandizeni. Kadontho kamodzi kokha kakathawira kutali, bwererani ku pepala la mafunso, mwina R600 inalembedwa R6,000. Musakafufute musanatsimikize. Mukaonanso timadontho tandandana chopingasa ngati masitepe musadabwe, anthu amayankha R500 kapena R1,000 basi.

Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi choti muzolowetse maso. Lembani `qqnorm(rnorm(40))` kangapo. Manambala amenewa ndi a belu weniweni, koma muona kumapeto akugwederabe, chifukwa anthu 40 ndi ochepa. Chithunzi chanu chikafanana ndi zimenezo, pitirizani ntchito. Chikakhota koposa zonsezo, osachinyengerera.

Ngati mukupanga modelo ndi `lm()` n'kuisunga mu `fit`, musavutike ndi ndalamazo pazokha. Zofunika kutsata belu ndi zotsalira za modelo, ndipo `plot(fit, which = 2)` ikuonetsani chithunzi chake.