Vidiyo yoti anthu azikaipezabe chaka chamawa imalembedwa bwanji?

Kalata iyi yachokera kwa achemwali ena a ku Kasungu:

"Achimwene, ndili ndi tchanelo cha zaulimi pa YouTube. Ndikajambula nkhani yomwe yavuta sabata imeneyo anthu amaonera masiku atatu kenako zii, ndiye ndatopa kuthamangitsana ndi nkhani. Ndikufuna ndijambule ya kasungidwe ka chimanga yoti izionedwa miyezi yambiri, koma sikiripiti yake ndiyambire pati?"

Achemwali, yambirani pa chinthu chomwe ine ndinachiphunzira mochedwa: vidiyo mukangoikweza pa YouTube, mawu omwe mwayankhula mkatimo simungawasinthenso. Mutu mutha kusintha, chithunzi chapamwamba mutha kusintha, zolemba za pansi pa vidiyo mutha kuzikonza ngakhale tsiku lililonse, komanso mutha kudulako kachigawo mu YouTube Studio, koma kuchotsa vidiyo n'kuikapo ina pa linki yomweyo sizitheka. Mukakweza yatsopano ndiye kuti mwayambiranso, oonera ndi makomenti onse atsala kwakale kuja. Ndiye polemba sikiripiti, chiganizo chilichonse muzichifunsa kuti kodi munthu akadzachimva mu Juni chaka chamawa chidzakhalabe choona? Ngati ayi, chisatuluke pakamwa panu, chipite kumalo komwe mungadzachikonze.

Ine ndinajambulapo vidiyo ya mitengo ya zipangizo zaulimi chakumapeto kwa 2023, ndipo pamphindi yoyamba yomwe ndinatchula kuti thumba lakuti likugulidwa mwakuti. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mitengo yonse inadumpha, ndipo makomenti omwe anayamba kubwera anali oti "bodza ili, mumagula kuti pamtengo umenewo?" Zina zonse mu vidiyoyo zinali zolondola ndithu, koma munthu akakugwirani ndi nambala imodzi yolakwika koyambirira sadikiranso kumva zotsalazo. Chinandipweteka chifukwa ndinaigwirira ntchito masiku anayi, ndipo inafa chifukwa cha chiganizo chimodzi chomwe ndikanatha kuchilemba pansi pake.

Musanalembe mzere uliwonse, pezani kaye mawu omwe munthu wovutika ndi chimanga chake angataipe. Munthu ameneyo sakukudziwani, sakufufuza dzina la tchanelo chanu, wangotsegula thumba n'kupeza ufa pansi ndi tizilombo tikuyenda. Lowani pa YouTube, pamalo ofufuzira paja lembani "kusunga chimanga" osadina kanthu, muone zomwe ikumalizitsa yokha. Yesaninso "anankafumbwe", "nankafumbwe", "matumba a PICS", omwe ndi matumba osalowa mpweya osungiramo zokolola, komanso Chingerezi chomwe anthu athu amasakaniza monga "PICS bags" kapena "how to store maize". M'Chichewa nthawi zambiri imamalizitsa zochepa kwambiri, musakhumudwe nazo, zikutanthauzanso kuti opikisana nanu ndi ochepa. Koposa pamenepo werengani makomenti a pa mavidiyo anu akale ndi mafunso a m'magulu a alimi pa WhatsApp, funso lomwe labwera katatu kuchokera kwa anthu osadziwana ndilo mutu wanu.

Ndipo musankhe funso limodzi basi. "Kasungidwe ka chimanga" ndi nkhani yaikulu, muli nkhokwe, muli mankhwala othira, muli makoswe, muli chuku. Vidiyo yofuna kuyankha zonsezo siipezeka ndi aliyense chifukwa siifanana ndi zomwe wina aliyense wataipa. Ine ndikanakhala inu ndikanalemba mutu woti "Kusunga chimanga m'matumba a PICS osathira mankhwala", mawu ofunikawo ali koyambirira chifukwa pa foni mutu wautali umadulidwa, ngakhale YouTube imalola zilembo mpaka 100. Chaka musachiike pamutupo. Nkhani zosintha chaka ndi chaka monga makuponi a feteleza zimafuna chaka, koma kamangidwe ka thumba sikasintha, ndiye nambala ya chaka ingoipangitsa kuoneka yachikale pakatha miyezi khumi ndi iwiri.

Tsopano masekondi 30 oyamba, pomwe ambiri amaonongera. Chizolowezi chathu ndi kuyamba ndi moni wautali, ndipo n'chabwino pamaso ndi pamaso, koma taonani chiyambi ichi: "Takulandiraninso okondedwa oonera, pepani sabata yatha sindinaponye vidiyo chifukwa cha maliro, monga mukudziwa panopa tili mkati mokolola ndipo chimanga chakwera mtengo..." Muli zinthu zitatu zoola msanga m'menemo, sabata yatha, panopa, ndi mtengo. Woonera mu Okutobala sakukolola, ndipo za sabata yathayo sizikumukhudza, akuonongerapo bandulo yake. Lembani chonchi m'malo mwake: "Moni nonse. Ngati mukufuna kusunga chimanga m'matumba a PICS osathira mankhwala, pali zinthu zitatu zoti zichitike bwino: chimanga chiume, thumba lisabooke, ndipo mumange mapepala amkati lililonse palokha. Ndikuonetsani chimodzichimodzi." Moni ulipo, ulemu ulipo, funso layankhidwa kale, ndipo munthu akudziwa chifukwa chokhalira mpaka kumapeto. Mawu a pamutu aja mwawatchulanso pakamwa, woonera watsimikiza kuti wafika pamalo oyenera.

Thunthu la sikiripiti ndimalilemba m'magawo awiri papepala, kumanzere zomwe ndiyankhule, kumanja zomwe kamera ione. Chifukwa chake n'chakuti vidiyo yokhalitsa imakhala ndi zinthu zooneka ndi maso, osati nkhope yanu ikufotokoza mphindi zisanu ndi ziwiri. Pa gawo la kuuma, kumanzere mulemba kuti chimanga chosauma chikatsekeredwa m'thumba losalowa mpweya chimaola, ndiye muyese kaye. Kumanja mulemba botolo lagalasi louma, chimanga pang'ono mkatimo, masipuni awiri kapena atatu a mchere wouma, mutseke, mukhutchumule, mudikire kanthawi n'kukhutchumulanso, kamera iyandikire pagalasipo. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo chimanga sichinaume, chibwerere padzuwa. Ngati n'kotheka jambulani mabotolo awiri, la chouma ndi la chosauma, ayime pamodzi. Chithunzi chimenecho chidzakhala choona ngakhale patapita zaka khumi, ndipo ndi chomwe munthu amabwereranso kudzaonera kapena kutumizira amalume ake kumudzi.

Pa gawo la thumba fotokozani chifukwa chake, musangolamula. Matumba a PICS anachokera ku kafukufuku wa yunivesite ya Purdue ku America, ali ndi mapepala apulasitiki awiri mkati ndi saka yolukidwa kunja, ndipo amagwira ntchito chifukwa anankafumbwe amapuma mpweya wotsala mkatimo mpaka utha, kenako amasiya kudya n'kufa. Munthu akamva zimenezi amamvetsa yekha chifukwa chomwe kabowo kakang'ono kamaonongera zonse, chifukwa chomwe sayenera kumangotsegula thumba sabata iliyonse, ndi chifukwa chomwe mumafinya mpweya, kupotokola pakamwa pa pepala loyamba, kupinda, kumanga, kenako lachiwiri palokha, kenako saka yakunja. Malamulo opanda chifukwa amaiwalika, ndipo woonera amabwera ku makomenti kudzafunsa zomwe mukanayankha ndi chiganizo chimodzi.

Apa ndi pomwe mtengo umafuna kulowa, chifukwa aliyense afunsa kuti thumbalo ndi ndalama zingati. Pakamwa nenani kuti: "Mtengo wake umasinthasintha, ndaulemba pansi pa vidiyoyi pamodzi ndi tsiku lomwe ndinafufuza." Basi. Kenako mtengowo muulembe m'zolemba za pansi kapena mu komenti yomwe mwaimata pamwamba, ndipo miyezi iwiri kapena itatu iliyonse muzikaukonza. Chimodzimodzi maina a mashopu, manambala a foni, ndi malinki. Nyengo nayo muitchule ndi chochitika osati ndi kalendala, "mukangomaliza kutong'ola" m'malo mwa "mwezi uno". Ndipo mawu oti "monga ndinanenera mu vidiyo yapitayi" afufuteni onse, munthu wofika kudzera pofufuza kapena yemwe wailandira pa WhatsApp sanaone yapitayo ndipo saifuna, ngati mfundoyo ndi yofunika ibwerezeni mwachidule.

Magawo a sikiripiti aja asandutseni machaputala. Muwalemba m'zolemba za pansi, loyamba liyambire pa 0:00, akhale osachepera atatu, ndipo lililonse lisachepere masekondi 10:

```
0:00 Zinthu zitatu zofunika
0:35 Kuyesa ngati chimanga chauma ndi mchere
2:10 Kuona ngati thumba la PICS labooka
3:30 Kamangidwe ka thumba
5:15 Poika matumba kuti makoswe asaboole
```

Onani kuti mzere uliwonse ndi funso lomwe wina angataipe palokha. Wofuna za mchere zokha adumphira pomwepo, ndipo ndi bwino choncho, kusiyana ndi kuti atope n'kuthawa. Popeza sikiripiti mwailemba kale, ikwezeninso ngati mawu oyenda pansi pa chithunzi, chifukwa makina a YouTube olemba okha mawuwo akamva Chichewa amalemba zosamveka, ndipo ena amaonera foni ili chete m'minibasi.

Ndikuchenjezenitu kuti sabata yoyamba vidiyo yotere imaoneka ngati yalephera. Nkhani yamoto ili ngati bowa, imatuluka ndi mvula imodzi ndipo mawa lake yaola, pomwe iyi ndi chinangwa, chimakhala m'nthaka phee kudikira njala. Musaiweruze pa masiku asanu ndi awiri. Pakatha masiku 90 lowani mu Analytics ya vidiyoyo, gawo la YouTube Studio loonetsa ziwerengero za oonera, muone komwe oonera akuchokera. Ngati YouTube search ikubweretsa anthu tsiku ndi tsiku, ngakhale ochepa, ndiye kuti yagwira, ndipo mukadina pamenepo muona mawu enieni omwe anataipa. Mukapeza kuti ambiri akulemba "anankafumbwe" pomwe pamutu panu palibe mawuwo, sinthani mutuwo tsiku lomwelo. Onaninso mzere wosonyeza pomwe anthu amasiyira kuonera: ukagwa kwambiri pa masekondi oyamba ndiye kuti chiyambi sichikugwirizana ndi zomwe mutu walonjeza, ukagwa pakati pitani mukamvetsere pamphindi imeneyo, kawirikawiri mupeza kuti ndi pomwe munayamba kucheza nkhani ina kapena kupempha anthu kuti asabusikilaibe.

Komanso ya chimanga ili ndi nyengo yake, izikwera nthawi yokolola kuyambira cha mu Epulo, izitsika mvula ikayamba, kenako idzukenso chaka chinacho. Ndiye muiponye kukali masabata angapo anthu asanayambe kukolola kuti akamadzayamba kufufuza adzaipeze ilipo kale. Vuto lake n'lakuti pa nthawi imeneyo mulibe chimanga chatsopano choti mujambule, choncho zithunzi za botolo ndi kamangidwe zija jambulani chaka chino mukamasunga chanu, ndipo thumba limodzi mulisiye lomanga mpaka Febuluwale mudzalitsegule pamaso pa kamera.