Pirolo ndi piridini: nayitrojeni amandisokoneza

"Pirolo ndi piridini onse ali ndi nayitrojeni wokhala ndi maelekitironi awiri osamangika. Nanga bwanji mu pirolo timawawerengera koma mu piridini ayi?"

Musanawerenge maelekitironi a pi kuti mudziwe ngati molekyulu ndi aromatiki, onani kaye ngati mphete ya maatomu ili yafulati komanso ngati atomu iliyonse ili ndi obito ya p. Pakakhala kaboni ya sp3, mzere wa maobito a p waduka, mpheteyo ndi yosakhala aromatiki, ndipo kuwerenga n'kungotaya nthawi. Mzere ukakhala wathunthu, maelekitironi a pi okwana 4n+2 (2, 6, 10) ndiye kuti ndi aromatiki, pomwe 4n (4, 8) ndi antiaromatiki, ngati saikulobyutadayini wa anayi uja.

Tsopano yang'anani nayitrojeni. Mu piridini ali kale m'bondi yapawiri, C=N, choncho obito yake ya p yagwira kale ntchito. Awiri osamangika aja ali mu sp2, aloza kunja kwa mphete, ndipo salowa nawo m'chiwerengero. Mabondi apawiri atatu apereka 6, basi.

Mu pirolo nayitrojeni wagwira haidrojeni ndipo alibe bondi yapawiri. Mabondi awiri a C=C apereka 4, kenako nayitrojeni amaika awiri ake mu obito ya p, n'kukwana 6.

Umboni wake mumauona mukathira asidi. Piridini amalandira pulotoni mosavuta chifukwa awiri akewo alibe ntchito ina (pKa ya piridiniyamu ili cha pa 5.2). Pirolo salandira pulotoni mosavuta, poti akatero ataya uaromatiki wake.

Chenjerani ndi saikulookitatetrayini: ali ndi 8, koma amapindika ngati bafa, choncho sali antiaromatiki, ndi wosakhala aromatiki chabe.