Si kusasamala, vuto lako ndi mainasi

"Aphunzitsi muli m'gulu muno ndithandizeni. Ndili Fomu 3, nali pepala langa la mayeso a masamu ndalijambula. Ndapeza 27 pa 50, aphunzitsi angolemba kuti ndizisamala. Komatu ndinasamala, ndipo njira zake ndikuzidziwa. Ndikuphonya pati?"

Mwana wanga, pepala lako ndaliona, kupatula tsamba lomaliza lomwe latuluka mbuu, mwina dzanja linanjenjemera. Komanso ulendo wina uzibisa dzina lako ndi la sukulu usanaponye chithunzi pagulu, muno tilimo ambiri.

Ndawerengetsera malikisi 23 omwe wataya. Mwa amenewo, 15 apita chifukwa cha kachinthu kamodzi: chizindikiro cha mainasi. Njira ukuzidziwadi, sukunama. Koma mawu oti uzisamala sindigwirizana nawo kwenikweni, chifukwa munthu wosasamala amalakwitsa apa ndi apo mosatsata dongosolo. Iwe ukulakwitsa malo amodzimodzi, mofanana, ulendo uliwonse. Chimenecho ndi chizolowezi, ndipo gwero lake ndi loti mainasi umamuona ngati kamzere kongoima pakati pa manambala, pomwe iye ndi mbali ya nambala imene ili kumanja kwake. Nambalayo ikasuntha, ikachulukitsidwa kapena ikalowa mu fomyula, mainasi wake amayenera kupita nayo. Iwe umamusiya m'mbuyo.

Tiyambe ndi funso 2, pomwe walemba kuti −3 − 5 = 8. Ndikudziwa chinachitika. M'mutu mwako munalira kanyimbo kaja ka "mainasi mainasi pulasi". Kanyimboka katipweteketsera ana ambiri, ndipo ife aphunzitsi ndife tinakaphunzitsa osanena malire ake. Kamagwira ntchito pochulukitsa ndi pogawa, n'chifukwa chake pa funso 1 wakhoza kuti (−4) × (−6) = 24. Kamagwiranso pamene zizindikiro ziwirizo zagundana popanda nambala pakati, monga 7 − (−2) = 9. Koma pa −3 − 5 palibe kuchulukitsa, ndipo pakati pa zizindikirozo pali 3. Taganiza chonchi: uli ndi ngongole ya K300 pa okala, wapitanso kukatenga zinthu za K500 osalipira. Kodi mwini okala ayamba kukubwezera K800? Ayi, ngongole yakula, yafika K800. Yankho ndi −8.

Pomwe ndikufuna tikhalitsepo ndi funso 4, chifukwa cholakwika chakecho chabweranso pa funso 6 ndi 8. Funso linati upeze x pa 5x − 2(3x − 4) = 11. Iwe walemba motere:

```
5x − 6x − 8 = 11
−x = 19
x = −19
```

Mzere wachiwiri ndi wachitatu ulibe vuto, watsata bwino kuchokera pa woyamba. Nkhani yonse yawonongekera pa −8. Unatenga 2 n'kuchulukitsa ndi 3x, n'kuchulukitsanso ndi −4, ndipo mainasi wa kutsogolo kwa 2 unangomukopera pomwe anali. Ndiye wagwira 6x yekha, kwa 4 sanafike. Chimene chikuchulukitsa bulaketi si 2, ndi −2. Choncho (−2) × (3x) = −6x, ndipo (−2) × (−4) = +8. Apa ndiye pamafunika kanyimbo kako kaja, koma mpomwe unakaiwala.

```
5x − 6x + 8 = 11
−x = 3
x = −3
```

Mwina ukudabwa kuti 8 wasanduka bwanji wophatikiza pomwe tikuchotsera. Chotsa ma x, uone ndi ndalama. Uli ndi K1,000, ukugula chinthu cha K600, koma wogulitsa wati akuchotsera K100 pamtengo. Ndalama yotsala ndi 1000 − (600 − 100), yomwe ndi K500. Ukachotsa mabulaketi mmene wachitira iwe, upeza 1000 − 600 − 100, kutanthauza K300, ngati kuti kukutsitsira mtengo kwakudyeranso ndalama. Zoona zake ndi 1000 − 600 + 100. K100 ija yabwerera m'thumba mwako. Mainasi akaima kutsogolo kwa bulaketi amatembenuza chizindikiro cha chilichonse chili m'katimo, osati choyamba chokha.

Chimene chandiwawa n'choti ukanatha kudzigwira wekha m'mayeso momwemo, osadikira cholembera chofiira. Ikwezhoni ili ndi ubwino woti yankho lake limayeseka. Bwezera −19 wako mu funso: 5 × (−19) ndi −95. M'bulaketi muli 3 × (−19) − 4, yomwe ndi −61, ndipo ukachulukitsa ndi −2 upeza 122. Kuphatikiza −95 ndi 122 kukupatsa 27, pomwe funso likufuna 11. Basi wadziwa kuti pena pake pavunda. Yesa −3: upeza −15, m'bulaketi −13, kuchulukitsa ndi −2 ndi 26, ndipo −15 + 26 = 11. Zakwana. Ntchito yosafika mphindi imodzi. Chenjezo lake ndi loti uzibwezera mu funso loyambirira, osati mu mzere wako woyamba, chifukwa −19 mu mzere wako wolakwikawo akwana bwinobwino n'kukunamiza.

Funso 6 linali longofewetsa, lopanda chizindikiro cha =, ndiye palibe yankho loti ubwezere. Pamenepo sankha nambala wekha, monga x = 2, uyiike mu funso ndi mu yankho lako. Zikasiyana, walakwitsa. Usasankhe 0, chifukwa amafafaniza chilichonse chokhala ndi x n'kubisa zolakwika.

Tsopano funso 7, lomwe landiseketsa pang'ono, undikhululukire. Pachithunzipo pakuoneka pomwe unafufuta mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka. Funso linali 2x² − 5x − 3 = 0, ndipo fomyula unailemba molondola:

```
x = (−b ± √(b² − 4ac)) / (2a)
```

Unalembanso bwino kuti a = 2, b = −5, c = −3. Kenako unalowetsa manambala popanda mabulaketi. Ndikuganiza kuti pa kakyuleta unadina `-5²`, iyo n'kukupatsa −25, ndipo utaphatikiza 24 unapeza −1. Utafunsa sikweya ruti ya −1, kakyuleta inalemba `Math ERROR`. Mmalo mobwerera m'mbuyo, unangofufuta mainasi n'kulemba √1. Ndanama?

Kakyuleta sinalakwe. Ikaona `-5²` imayamba kupanga sikweya ya 5, kenako n'kuika mainasi kutsogolo, ndipo ndi mmenenso masamu amawerengera zolembedwa choncho. Iwe umafuna (−5) × (−5), ndiye unayenera kudina `(-5)²` kuti upeze 25. Sunga ichi: b² sangakhale negetivu, kaya b ndi wotani. Ukamuona ali ndi mainasi, ima pomwepo.

Kutsogolo kwa fomyula kunalinso msampha wina. −b satanthauza nambala ya negetivu, amatanthauza b wotembenuzidwa chizindikiro. Poti b ndi −5, −b ndi −(−5), yemwe ndi 5. Iwe unaona mainasi mmodzi mu fomyula, wina pa 5, n'kuganiza kuti ndi yemweyo, ndiye unalemba −5. Mayankho ako anatuluka −1 ndi −1.5. Ukanalemba chonchi:

```
x = (−(−5) ± √((−5)² − 4(2)(−3))) / (2(2))
x = (5 ± √49) / 4
x = 3 kapena x = −1/2
```

Yesa 3: 2 × 9 ndi 18, kuchotsa 15 kutsala 3, kuchotsanso 3 kutsala 0. Yesa −1 wako uja: 2 + 5 − 3 ndi 4, si 0.

Mankhwala ake ndi omwe ukuwaona mu mzere woyambawo. Paliponse pomwe ukuchotsa chilembo n'kuikapo nambala, yamba walemba mabulaketi opanda kanthu, kenako ulowetsemo nambalayo ndi chizindikiro chake. Ana anga m'kalasi amadandaula kuti zimachedwetsa komanso zimaoneka zachibwana. Zimachedwetsadi masabata awiri oyamba. Koma ine ndikamachonga, mzere umenewo ndi womwe umandionetsa kuti mwana walowetsa manambala molondola, ndipo ndimamupatsa malikisi a njira ngakhale atakapunthwa kutsogolo. Iwe umadumpha mzerewu n'kuchita zinthu ziwiri kapena zitatu m'mutu nthawi imodzi, ndipo mainasi amatayikira pomwepo.

Funso 5 la giladiyenti lasonkhanitsa matenda onse awiri. Mapointi anali (−2, 5) ndi (4, −7). Pamwamba, −7 − 5 wapeza 12 mmalo mwa −12, kanyimbo kaja. Pansi, 4 − (−2) walemba 4 − 2. Yankho lako ndi 6, loona ndi −12 ÷ 6 = −2. Ukanajambula timadontho tiwiri pambali pa pepala, ukanaona kuti mzerewo ukutsetsereka ukamapita kumanja, ndipo mzere wotsetsereka choncho giladiyenti yake ndi negetivu.

Pali kenanso kakang'ono ka kalembedwe. Mainasi wako ndi wamfupi ngati kadontho, ndipo umamulemba pamzere weniweni wa pepala. Pa funso 8 ndinachita kukulitsa chithunzi kuti ndimuone, ndipo mzere wotsatira iwenso sunamuone, unakopera 4y pomwe panali −4y. Uzimulemba wautali, pakatikati pa msinkhu wa nambala. Usiyenso kuyamba mzere uliwonse ndi kamzere kokongoletsa, kakufanana ndi mainasi.

Malikisi 8 otsalawo ndi a funso 9 ndi 10. Pa 9 si nkhani ya zizindikiro, wasokoneza malamulo a maindisesi, 10 ili patsamba losaoneka lija ndipo ndangoona malikisi ake pamndandanda wa kutsogolo. Zimenezo tidzakamba padera.

Pakadali pano tenga pensulo, uzungulize mainasi aliyense pamodzi ndi nambala yake pa mafunso 2, 4, 5, 6, 7 ndi 8, kenako uwachitenso osayang'ana zomwe ndalemba pano. Ukatha uchite atatu awa: 7 − 3(2 − x) = −8, kenako x² − 3x − 10 = 0 pogwiritsa ntchito fomyula, ndi giladiyenti ya mzere wodutsa pa (−1, 4) ndi (2, −5). Mayankho sindikupatsa. Pansi pa awiri oyambawo ulembe mzere wobwezera yankho mu funso, pansi pa lachitatu ujambule timadontho tija. Ujambule masana panja, pamodzi ndi tsamba lomaliza lija, uponye pompano.