Fayilo yomaliza isatuluke ndalama isanalowe

"Ndinamaliza digiri chaka chatha koma ntchito sikupezeka. Ndayamba kupanga mafulaya ndi malogo pa laputopu, koma anthu akumangotenga osalipira. Ndipitirize kapena ndingodikira mayankho a makalata ndinaponyawo?"

Mchemwali amene mwafunsa izi m'gulu lathu lino, pitirizani, koma imvani kaye zimene anandichita bambo wina wa malole ku Graniteside, kuno ku Harare ku Zimbabwe, chifukwa mpaka lero ndikadutsa msewu umenewo mtima umandiwawa.

Munali mu Januwale 2019. Digiri ili m'sutikesi kwa amayi ku Highfield, ine ndikupanga timapositala ta maukwati ta madola 5, tina ta 10. Ndiye bamboyu akundiimbira, wakwathu ndithu, timalankhula Chichewa, ndinkawatchula kuti amalume. Akufuna logo, makadi a bizinesi, buku la malisiti ndi zolemba zomata pazitseko za malole. Tinagwirizana madola 180, pakamwa pokha. Ine kuona ngati ndafika. Logo ija anandibweza nayo mpaka kutopa. Lero buluu wachepa, mawa akazi awo akuti mkango ukuoneka ngati galu, mkuja tichotse mkango tiike chiwombankhanga. Zonsezo ndinkasintha osatchaja kalikonse.

Tsiku lomwe anavomera anati, "Mwana wanga, ingonditumizira fayilo ya CorelDRAW yeniyeniyo, osindikiza akufuna kuona kukula kwake. Ndalama yako Lachisanu." Fayilo inapita. Lachisanu anati ali ku Beitbridge. Lachisanu linalo foni osayankha. Mu Febuluwale boma linabweretsa ndalama yakeyake yatsopano, dola ya RTGS, n'kunena kuti ngongole zakale ziwerengedwa dola imodzi kwa imodzi, ndipo amalume aja anakhala phee ngati sakumva. Anadzalipira mu Ogasiti pa foni, pa EcoCash, 180 yomweyo koma ya RTGS, yomwe panthawiyo sinkakwana n'komwe madola 20 a ku America. Anawonjezera ndi uthenga woti "tamalizana eti, Mulungu akudalitse."

Koma chinandipweteka kwambiri sichimenecho. Tsiku lina ndikuchokera ku intavyu m'tauni, ndavala jekete yobwereka, ya kombi, minibasi ya kuno, ndilibe, ndikuyenda wapansi mu Simon Mazorodze kulowera kwathu. Lole yoyera ikuima pa maloboti pafupi nane. Pachitseko pali chiwombankhanga changa, chachikulu, chowala. Pansi pake pakona alembapo dzina la kampani ina yomata zikwangwani ndi nambala yawo ya foni, ngati anajambula ndi iwo. Ndipo anachikoka m'mbali kuti chidzaze chitseko, mutu wa mbalame uja unaphwatalala. Ndinaima pomwepo ndi envelopu ya makalata anga m'manja, kondakitala wa kombi akundikuwira kuti ndikwere kapena ndichoke. Munthu wamkulu, wa malole angapo, wotsogolera nyimbo pamaliro a anthu akwathu, kumudyera mwana woti sanadye nkhomaliro! Ndipo ngati ali m'gulu muno akuwerenga, awerenge.

Ndiye mvetsani. Pa ntchito yathuyi chomwe muli nacho m'manja ndi fayilo basi. Telala akhoza kusunga diresi mpaka mwini wake alipire, koma inu fayilo ikangopita, ntchito yonse yapita. Choncho theka la ndalama lizilowa musanatsegule laputopu, ndipo mtengo uzilembedwa pa WhatsApp, motchula kuti ndi madola a ku America, osangoti "madola". Mu 2024 kunabweranso ndalama ina yatsopano ya kuno, ZiG, ndiye amene akufuna kulipira mu ZiG azilipira pa mtengo wa tsiku lomwe akulipiralo, osati la tsiku lomwe munagwirizana. Mulembenso kuti kusintha ndi kawiri, kachitatu n'kolipira. Mukatero mudzadabwa momwe akazi a bwana amasiyira msanga kuona galu pa logo.

Pomuonetsa kasitomala, muzitumiza chithunzi chaching'ono cha JPG, dzina lanu litadutsa pakati mopingasa. Pa foni chimaoneka bwino, koma akapita nacho kosindikiza chimatuluka chosaoneka bwino, zilembo zonse mano okhaokha. Akamaliza kulipira m'pamene mumapereka PDF yosindikizira. Tiyerekeze fulaya ya A5, yomwe ndi mamilimita 148 m'lifupi ndi 210 m'litali. Mitundu ndi zithunzi za kumbuyo muzitulutse kunja ndi mamilimita 3 mbali zonse, kuti mpeni wodulira ukaphonya pang'ono pasatsale kamzere koyera m'mphepete. Zithunzi zikhale pa 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, mitundu ikhale ya CMYK, ya inki yosindikizira, osati RGB, ya pa sikirini. Buluu wowala uja wa pa sikirini amatuluka wozimirira papepala, nthawi zina wopita ku pepo, ndiye muzimuuziratu kasitomala asanakuneneni kuti mwamuonongera. Zilembo zonse muzisandutse mizere, mu CorelDRAW ndi Ctrl+Q, apo ayi kompyuta ya osindikiza ikasowa mtundu wa zilembo zanu imaikapo zake, mawu n'kusefukira. Ndipo potumiza pa WhatsApp sankhani Document, chifukwa mukatumiza ngati chithunzi amachifinya. Fayilo ya CDR, ya CorelDRAW yosinthika ija, ndi katundu wina, ili ndi mtengo wakewake. Wofuna imeneyo akufuna kuti asadzabwerenso kwa inu.

Ntchito yaulere musamagwire, ndipo achibale ndi akutchalitchi ndiwo oopsa kwambiri. Ngakhale kuti, kunena zoona, ine chomwe chinanditukula ndi pulogalamu ya maliro yomwe ndinapangira bungwe lathu la maliro popanda kulandira kalikonse. Chaka chimenecho magetsi ankabwera cha m'ma 10 usiku n'kuzima kusanache, ndiye ndinaipanga usiku, m'mawa n'kuthamangira nayo kwa osindikiza ena m'tauni. Mayi wa pamalopo atatsegula fayilo anandiyang'ana n'kufunsa kuti ndani wandiphunzitsa, poti anatopa ndi anthu obwera ndi zithunzi za pa foni n'kumafuna chikwangwani cha mamita awiri. Kuyambira pomwepo aliyense wobwera wopanda dizaini ankamutumiza kwa ine. Mapulogalamu a maliro, makalendala a sukulu kumapeto kwa chaka, mapepala omata pa mabotolo a chiponde ndi sopo wamadzi, zikwangwani za misonkhano ya tchalitchi ya Pasaka. Palibe yaikulu, koma zimabwera sabata ndi sabata. Anthu a sopo ndiwo abwino zedi, chifukwa katundu akatha amabweranso, ndipo inu mumangosintha tsiku ndi kukula kwa botolo. Ndiye pitani nokha kwa osindikiza ndi ntchito zanu zitasindikizidwa kale papepala, musadikire kuti akupezeni pa intaneti.

Zinayenda pang'onopang'ono. Poyamba ndalama inkangokwana mabandulo ndi kombi. Kenaka ndinayamba kugula magetsi a panyumba, kenaka batire ndi inivetala kuti ndizigwirako ntchito masana. Lendi yangayanga inabwera mochedwa kwambiri. Makalata musasiye kuponya, ine ndinkaponya Lolemba lililonse. Ntchito itapezeka malipiro ake anali ochepa kuposa zomwe ndinkapeza mu Novembala ndi Disembala, koma Januwale ndi Febuluwale kuno kumauma, aliyense ali pa fizi, ndiye ndinailowa n'kusunga makasitomala anga a Loweruka.

Amene ali nanu ngongole panopa musawatukwane pa gulu. Atumizireni mtengo ndi tsiku, ndipo musawapangirenso chilichonse mpaka amalize. Amalume anga aja anabweranso chaka chatha, akufuna kalendala. Ndinawatchula mtengo wowirikiza, ndalama yonse patsogolo, ndipo analipira osadandaula.