Kupita kwa mlangizi wa pasukulu si kupita ku Mentolo

"Ndili chaka choyamba ku Chanko, kwathu ndi ku Karonga. Tulo sindikuona, chakudya sichikulowa, m'kalasi ndasiya kupita. Ndikakaonana ndi mlangizi, sakauza makolo anga kapena kunditumiza ku Mentolo?"

M'bale wanga, pitani sabata yomwe ino, musadikire kuti mayeso ayandikire.

Kupukwa kwanu kokha kumabwera n'kupita. Mukaimbira foni amayi, kapena mukadya kondowole ndi anzanu a kumpoto ku Chikanda, mtima umakhalako pansi. Koma zikatha masabata 2 kapena kuposa, pafupifupi tsiku lililonse mtima uli wolemera, zimene munkakonda sizikukusangalatsaninso, mukudzidzimuka 3 koloko usiku tulo osabweranso, pamenepo achipatala amayamba kuganizira matenda a kukhumudwa. Zimene mwalembazi zikupendekera kumeneko, ndipo ndi matenda ochizika.

Za makolo musade nkhawa. Ngati mwakwanitsa zaka 18 ndinu munthu wamkulu, ndipo ntchito ya uphungu imayendera chinsinsi. Malire ake ndi akuti mlangizi akaona kuti moyo wanu kapena wa munthu wina uli pachiswe, ayenera kuitana thandizo. Mukangokhala pansi mufunseni nokha kuti, "Zimene ndinene pano adzazimva ndani?" Mlangizi wabwino amayankha mosabisa. Ku Mentolo nako amagoneka odwala kwambiri, pomwe ambiri a vuto ngati lanuli amathandizidwa akugona kwawo, akulowa m'kalasi.

Poyambira ndi ku kiliniki ya pasukulu kapena ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira. Simukuyenera kufotokozera aliyense amene mungamupeze pakhomo pa ofesiyo. Ingonenani kuti mukufuna mlangizi. Musanapite lembani pakapepala tsiku limene zinayamba, maola amene mukugona, makalasi amene mwajomba, komanso ngati mwayamba kudalira mowa kapena chamba kuti mugone. Ichi chomalizachi ambiri amabisa, chonsecho chimasintha thandizo lonse. Ku kiliniki apempheninso akuyezeni malungo ndi kuchepa kwa magazi, poti izinso zimafooketsa thupi ndi kulanda chilakolako cha chakudya.

Ulendo woyamba nthawi zambiri umakhala wa mafunso, ndiye musagwe ulesi mukatuluka mtolo usanapepuke. Bwererani pa tsiku limene akupatsani. Adokotala akakulemberani mankhwala, dziwani kuti amatenga masabata 2 mpaka 4, mwinanso kuposa, kuti mumve kusintha, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi.

Chimene chimandiwawa ine ndi ophunzira amene amafika atalephera kale. Pemphani msanga kuti mlangizi akuthandizeni kudziwitsa a ku dipatimenti yanu kuti mukudwala, popanda kuulula zonse. Kalata yofika mayeso asanalembedwe imamveka kusiyana ndi yofika zotsatira zitatuluka.

Ngati maganizo odzipha akubwera, zonsezi zisiyeni kaye. Uzani amene mumagona naye chipinda chimodzi, akuperekezeni ku Chipatala Chachikulu cha Zomba nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.